Ng'ombe kapena mbuzi ikavutika kubereka: mafunso ndi mayankho kwa alimi a ku Mzuzu

Mafunso ali pansipa ndi amene alimi a ng'ombe zamkaka ndi mbuzi kuno ku Mzuzu ndi madera ozungulira, monga Lusangazi, Doroba ndi Kavuzi, amafunsa kawirikawiri. Chiweto chikavutika kubereka, dzanja loyera liyenera kulowa msanga kukaona mmene mwana wakhalira. Chingwe chimabwera pambuyo, mutadziwa bwino chimene mukufuna kukoka.

Ndingadziwe bwanji kuti nthawi yakwana, ndipo kubereka kwabwinobwino kumatenga nthawi yaitali bwanji?

Ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 283, ndiye kuti miyezi 9 ndi masiku ochepa. Mbuzi imatenga masiku pafupifupi 150, miyezi 5. Ngati munalemba tsiku limene munakweretsa, kapena limene ng'ombe inapatsidwa umuna wa m'kachubu, muli kale pabwino, chifukwa mudziwa sabata yoti muzidzuka usiku kukasuzumira m'khola.

Kubereka kumayamba mwakachetechete. Chiweto chimasowa mtendere, chimagona n'kudzuka, chimaimika mchira, chimasiya kudya, ndipo mbuzi imapalasa pansi n'kumalira motsitsa mawu. Nthawi imeneyi khomo la chiberekero, limene lili mkati, likutseguka pang'onopang'ono. Ng'ombe yoberekapo imatenga maola 2 mpaka 6, pamene yoyamba kumene kubereka ikhoza kufika maola 12. Mbuzi nayo ikhoza kutenga maola angapo, nthawi zina mpaka 12. Apa palibe choti mukoke, ndipo kupanga phokoso m'khola kumangochedwetsa zinthu.

Kenako thumba la madzi limaonekera pakhomo lakunja, limasweka, ndipo chiweto chimayamba kuchima mwamphamvu ndi mimba yonse. Wotchi yanu iyambe kuwerenga pamenepa. Ng'ombe yoberekapo kawirikawiri imamaliza pasanathe ola limodzi, ya bere loyamba ikhoza kutenga maola awiri. Mbuzi imatulutsa mwana woyamba pasanathe ola limodzi, nthawi zambiri pa mphindi 30 zokha, ndipo wachiwiri amatsatira pakangopita mphindi 15 mpaka 30.

Ndiye ndidikire mpaka liti ndisanalowetse dzanja?

Musayang'ane wotchi yokha, yang'anani ngati zinthu zikusuntha. Khalani kumbuyo kwa chiweto ndi tochi, muone pamene ziboda zafika. Pakatha mphindi 15 kapena 20 muonenso. Ngati poyamba munkaona nsonga za ziboda, tsopano mukuona mfundo yoyamba ya mwendo, kenako mphuno yatulukira, chiwetocho chikugwira ntchito yake ndipo musachisokoneze, ngakhale chikubuula momvetsa chisoni. Ziboda zimatuluka chikachima n'kubwerera pang'ono chikapuma. Zimenezo n'zabwinobwino, bola ulendo uliwonse zizituluka kuposa poyamba.

Koma chiweto chikachima mwamphamvu kwa mphindi 30 popanda chosintha, sambani m'manja mukaone. Lamulo limeneli ndi la ng'ombe ndi mbuzi yomwe. Chimodzimodzinso ngati thumba la madzi lasweka, ola latha koma palibe chiboda chaoneka. Ndipo ng'ombe yoberekapo ikasowa mtendere maola opitirira 6, mchira uli m'mwamba koma osachima, osatulutsa madzi, musanene kuti ikuchedwa chabe. Mwana amene wabwera ndi matako, miyendo yonse itapindikira kutsogolo, salowa m'njira mokwanira kuti mayi ayambe kuchima, ndipo chiberekero chopotoka chimachitanso chimodzimodzi. Ng'ombe zotere ndi zimene zimapezeka m'mawa mwana atafera m'mimba, mwini wake akuti sinaonetse vuto lililonse.

Pali zizindikiro zina zosafuna kudikira ngakhale mphindi imodzi: mutu watuluka wokha popanda miyendo, mwendo umodzi wokha ukuoneka, mchira wokha walendewera, lilime la mwana latupa n'kuda, madzi akutuluka achikasu chodera chifukwa mwana wachita chimbudzi m'mimba, kapena pakumveka fungo lovunda. Nsengwa ikayamba kutuluka mwana asanabadwe, mwanayo watsala pang'ono kusowa mpweya.

Kodi kulowetsa dzanja sikuvulaza chiweto kapena kuchipatsa matenda?

Dzanja loyera, loterera, lolowa mofatsa silivulaza. Chimene chimavulaza ndi dzanja la ndowe, zikhadabo zazitali ndi liwiro. Wengani zikhadabo, vulani mphete ndi wotchi, sambani mkono wonse mpaka paphewa ndi madzi ofunda ndi sopo. Wina agwire mchira kumbali, inu mutsuke pakhomo lakunja ndi malo ozungulira, chifukwa chiweto chochima chimatulutsa ndowe nthawi ndi nthawi, ndipo chikatero mutsukenso. Valani magolovesi aatali ngati alipo. Pakani mankhwala otereretsa amene amagulitsidwa m'masitolo a mankhwala a ziweto. Akasowa, mafuta ophikira oyera, osagwiritsidwapo ntchito, amathandiza. Thovu la sopo ndi losambira basi, si lotereretsa, chifukwa limachotsa utelezi wa chilengedwe n'kusiya njira youma.

Sonkhanitsani zala pamodzi, mulowetse chiweto chikamapuma. Chikachima, imani, musalimbane nacho. Mbuzi zathu zamakolo n'zazing'ono, ndiye ngati pakhomo pali munthu wa dzanja laling'ono amene ali wodekha, alowetse iyeyo.

Mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi, ndipo asakhudze madzi, nsengwa kapena mwana wakufa. Matenda ena ochotsa bere pa ziweto, monga buluselosisi, amagwiranso anthu kudzera m'madzi amenewa. Amene ali ndi bala pamkono nayenso apatse mnzake.

Dzanja lalowa. Ndifufuze chiyani?

Yambani ndi njira, mwana pambuyo. Ngati dzanja lakumana ndi mkombero wolimba wolola zala ziwiri kapena zitatu zokha, khomo la chiberekero silinatseguke. Osakoka chilichonse kudutsa pamenepo, ling'ambika. Ngati chiweto chinangoyamba kumene, chipatseni ola lina. Ngati chachima nthawi yaitali khomo lili chomwecho, itanani alangizi a ziweto. Ngati njira ikumveka yopotana, dzanja likukakamizika kuzungulira kuti lipite mkati, chiberekero chapotoka, ndipo vuto limenelo si la mlimi kulikonza yekha.

Njira ikakhala yotseguka, funani zinthu zitatu za mwana mmodzi: miyendo iwiri yakutsogolo ndi mutu, kapena miyendo iwiri yakumbuyo ndi mchira. Mwana wobwera bwino amatsogoza ziboda ziwiri, kopondera kwake kutayang'ana pansi, chimodzi chitatsogola pang'ono, mphuno itagona pamwamba pa miyendoyo, msana wake utayang'ana msana wa mayi. Mukapeza zitatuzi mwadongosolo limeneli, funso lotsala ndi kukula kwa mwana basi. Chimodzi chikasowa, chingwe chikhale kaye m'ndowa.

Ndisiyanitsa bwanji mwendo wakutsogolo ndi wakumbuyo ndili mumdima, ndikungopapasa?

Funso limeneli ndilo mtima wa nkhani yonse, ndipo ndikupemphani kuti muliphunzire lero masana, osati usiku wa vutolo. Pitani m'khola, mugwire thole kapena kamwana ka mbuzi, mutsinzine, mupinde miyendo yake.

Gwirani chiboda cha mwendo wakutsogolo. Pamwamba pake pali mfundo yoyamba. Ipindeni. Kwerani ndi fupa mpaka pa mfundo yachiwiri, limene ndi bondo, lobulungira komanso lophwatalala kutsogolo. Lipindeni. Muona kuti mfundo ziwirizi zikupindikira mbali imodzi, mwendo n'kudzikulunga. Tsopano gwirani wakumbuyo. Mfundo yoyamba ikupindika monga ija, koma yachiwiri ili ndi nsonga ya fupa yosongoka, yokhala ndi mtsempha wolimba pamwamba pake, ndipo ikupindikira mbali yosiyana ndi yoyamba ija. Mbali imodzi, wakutsogolo. Mbali zosiyana, wakumbuyo.

Pali msampha umodzi. Chigongono cha mwendo wakutsogolo nachonso n'chosongoka, ndipo dzanja lothamanga limachitenga ngati mfundo ya mwendo wakumbuyo. Njira yake ndi kuwerenga: ngati pakati pa mfundo yoyamba ndi nsonga yosongokayo mwadutsa mfundo ina, umenewo ndi wakutsogolo. Mukatha apo musakhutire, tsatani mwendowo mpaka pathupi. Wakutsogolo ukufikitsani paphewa, khosi ndi mutu. Wakumbuyo ukufikitsani pantchafu ndi mchira.

Ziboda zikatuluka kopondera kutayang'ana kumwamba, nthawi zambiri mwana akubwera chambuyo. Mwa apo ndi apo amakhala akubwera chamutu koma chagada. Maso sangasiyanitse ziwirizi, zala zokha ndi zimene zingathe.

Ndingadziwe bwanji ngati mwana akadali moyo?

Tsinani pakati pa ziboda, wamoyo amakoka mwendo. Ikani chala m'kamwa, amayamwa kapena kusuntha lilime. Wobwera chambuyo, ikani chala kotulukira chimbudzi pansi pa mchira, pamafinya, kapena gwirani mchombo mofatsa mumve ngati ukugunda. Mwana wotopa kwambiri nthawi zina sayankha ngakhale ali moyo, ndiye musamuchitire nkhanza chifukwa choti sanasunthe. Koma ngati ubweya ukusosoka m'manja, thupi latupa mpweya ndipo fungo likuthamangitsa, anafa kale. Wotereyu amakhala wouma ndi wofufuma, kumukoka kumang'amba mayi. Dokotala wa ziweto ali ndi zida zomudulira m'kati n'kumutulutsa zidutswa, ndipo mayiyo adzafunika mankhwala.

Ng'ombe yanga ya bere loyamba yatulutsa ziboda zoyang'ana kumwamba. Mungandiyendetse pang'onopang'ono zoyenera kuchita?

Tiyerekeze kuti ndi ng'ombe ya Friziyani wosakaniza, m'khola la ku Lusangazi, mwezi wa Juni usiku wozizira. Inayamba kusowa mtendere madzulo. Thumba la madzi lasweka 9 koloko. Pofika hafu pasiti 9 ziboda ziwiri zaonekera, kopondera kutayang'ana kumwamba. Apa simudikira mphindi 30 zija, chifukwa mwaona kale chachilendo. Choyamba imbani foni kwa alangizi a ziweto kapena kwa mlimi wodziwa wa m'gulu lanu la mkaka. Imbani musanayambe, osati mutalephera, chifukwa munthuyo ali ndi ulendo woti ayende, ndipo misewu yathu ya fumbi usiku siithamangika. Mukakhoza nokha, mudzamuimbiranso kuti abwerere.

Mwasamba, mwalowetsa dzanja. Mfundo yachiwiri n'yosongoka ndipo ikupindikira mbali yosiyana, pamiyendo yonse iwiri. Mwatsata mpaka mwagwira mchira pakati pake. Mwatsina, mwendo wakoka. Ndiye kuti miyendoyo ndi ya mwana mmodzi, wamoyo, akubwera chambuyo, msana uli kumwamba. Akhoza kubadwa chonchi, musayese kumutembenuza kuti abwere chamutu. Koma ali pangozi imodzi: chiuno chake chikadutsa m'mafupa a chiuno cha mayi, mchombo umapanikizika mutu ukadali m'madzi mkati. Kuyambira pamenepo ali ndi mphindi zochepa kwambiri. N'chifukwa chake zonse ziyenera kukhala zokonzeka musanakoke: anthu awiri, zingwe ziwiri zoyera zoviikidwa m'madzi a mankhwala, udzu wouma, chiguduli chopukutira.

Mangani chingwe chilichonse kawiri: kukulunga koyamba pamwamba pa mfundo yoyamba, kenako kukulunga kwina pansi pake, pamwamba pa chiboda. Mukamanga pamalo amodzi, mphamvu yonse imagwera pamenepo ndipo mwendo umathyoka. Pakani mafuta ambiri pantchafu ndi pachiuno cha mwana. Kanikizani mchira wake pakati pa miyendo kuti usakole pamwamba. Ngati khomo lakunja n'lothina, monga zimakhalira ndi bere loyamba, litambasuleni ndi mikono yanu yoterera kwa mphindi zingapo. Ndi bwino ng'ombe itagona cham'mbali.

Tsopano yesani kukula kwake. Anthu awiri akoke ndi manja ng'ombe ikamachima, mwendo umodzi kenako unzake, n'kupuma ikapuma. Ngati mfundo zosongoka zija zonse ziwiri zatuluka kunja, kupyola pakhomo ndi mlingo wa chikhatho, ndiye kuti chiuno cha mwana chalowa m'mafupa a mayi ndipo adutsa. Ngati anthu awiri akoka ndi mphamvu zawo koma mfundozo sizikutuluka, lekani pomwepo. Mwanayo wakula kuposa njira, ndipo akadali wotetezeka chifukwa mchombo sunapanikizike. Dikirani dokotala, mwina pafunika opaleshoni.

Zikatuluka, kokani molunjika kumbuyo mpaka tsinde la mchira wa mwana litaonekera. Mpaka apa munkafatsa. Kuyambira apa musaime. Kokani mosalekeza, mopendekera pansi, koma osatswanyula, chifukwa nthiti za mwana zimathyoka zikagunda fupa la mayi. Akangotuluka, chotsani zamamina m'mphuno ndi m'kamwa.

Nanga akubwera chamutu bwinobwino koma sakutuluka?

Apa nthawi zambiri vuto ndi kukula. Zimachitika kwambiri ng'ombe yaing'ono yamakolo, kapena yaikazi imene sinakhwime, ikapatsidwa umuna wa nkhunzi yaikulu ya Friziyani, kapena kambuzi kamakolo kakakweredwa ndi tonde wamkulu wachizungu. Mwana mmodzi wamphongo m'mimba mwa msoti ndi amene amavuta kuposa mapasa.

Yambani ndi chinthu chophweka. Ngati ziboda zangotulukira pang'ono, mphuno ili pamwamba penipeni pa zibodazo, mwina zigongono zakola pafupa. Kankhirani mutu m'mbuyo pang'ono, muwongole mwendo umodzi, kenako winawo. Nthawi zambiri zimathera pomwepo.

Zikapanda kutero, yesani kukula. Mutu ukalowa m'mafupa a chiuno, dzanja lanu liyenera kudutsa pakati pa chipumi cha mwana ndi fupa la mayi lapamwamba. Munthu mmodzi akoke mwendo umodzi mpaka mfundo yoyamba itapyola pakhomo ndi mlingo wa chikhatho, masentimita pafupifupi 10, augwire pomwepo, wina akoke winawo kuti ufike pofanana. Ikafika yonse iwiri, mapewa alowa. Ikakana, kapena miyendo ikapingasana, ziboda n'kuyang'anizana, mapewa apanikizika, ndipo kuwonjezera anthu sikukulitsa fupa. Mphamvu ya amuna awiri okoka ndi manja ndiwo malire pa ng'ombe. Pa mbuzi malire ndi munthu mmodzi, ndi manja ake, popanda kutsamira ndi thupi lonse. Njinga yamoto, ngolo, kapena kumangirira chingwe kumtengo n'kumayendetsa ng'ombe, zimenezo zimatulutsa mwana wothyoka n'kusiya mayi wopuwala miyendo yakumbuyo chifukwa mitsempha ya m'chiuno yaphwanyika. Zimandipweteka kwambiri kuona ng'ombe imene banja lonse linkadalira itagona osadzukanso chifukwa cha mphindi zisanu za mphamvu zosayenera.

Chifuwa cha mwana chikatuluka, imani pang'ono, mumuchotse zamamina kuti apume. Kenako mupotoleni pang'ono cham'mbali pamene mukukoka, chifukwa njira ya mayi n'yotalika kuchoka pansi kupita pamwamba kuposa m'mbali, ndipo chiuno cha mwana chimadutsa bwino chitapendekeka.

Miyendo iwiri yatuluka koma mutu sukuoneka. Ndikoke?

Ayi. Choyamba tsimikizani kuti ndi yakutsogolo. Ngati ndi yakutsogolodi, mutu wapindikira m'mbali, kunthiti, kapena wagwera pansi pakati pa miyendo, ndipo kukoka kumangoukhomerera. Mangani zingwe pamiyendo kuti isakusoweni, imiritsani chiweto, kumbuyo kukhale kokwera kuposa kutsogolo. Pa mbuzi, wina akhoza kunyamula miyendo yakumbuyo pang'ono. Chikapuma, kankhirani chifuwa cha mwana mkati kuti papezeke malo, tsatani khosi mpaka mutapeza kamwa, mugwire mphuno ndi chibwano m'chikhatho, mano a pansi ataphimbidwa ndi dzanja lanu, n'kuuzungulitsa mutuwo kubwera m'njira. Mano a thole ndi akuthwa ndipo amacheka chiberekero. Musakoke ndi chingwe chomangidwa pachibwano, chimathyoka msanga. Mutu umakonda kubwereranso, ndiye dzanja likhale pamenepo pamene wina ayamba kukoka miyendo.

Nanga mutu ndi mwendo umodzi, kapena mutu wokha, kapena mchira wokha?

Lamulo lake ndi limodzi: kankhirani mwana mkati, pezani mwendo wosowawo, upindeni, phimbani chiboda ndi chikhatho chanu, n'kuubweretsa m'njira. Chiboda chosaphimbidwa chimaboola chiberekero, ndipo bala limenelo silioneka mpaka chiweto chitayamba kudwala.

Apa ng'ombe ndi mbuzi zimasiyana. Kamwana ka mbuzi kakang'ono kakhoza kutuluka ndi mutu ndi mwendo umodzi, winawo uli m'mbuyo, mukakoka mofatsa ndi mafuta ambiri. Thole ayi, miyendo yonse iwiri iyenera kubwera.

Mutu wokha ukakhala kunja umatupa msanga ndipo kuubweza kumavuta, ndiye musachedwe. Mchira wokha, miyendo yonse yakumbuyo itapita kutsogolo pansi pa mimba, ndi vuto lalikulu pa ng'ombe. Pa mbuzi dzanja laling'ono limatha kukonza mwendo umodzi umodzi. Pa ng'ombe, ngati simunachitepo pamaso pa wodziwa, dikirani alangizi.

Mbuzi yanga imabereka mapasa. Ndikumva miyendo yambirimbiri, ndiyambire pati?

Musakhulupirire kuti mutu ndi miyendo iwiri zimene zili m'njira ndi za mwana mmodzi. Yambirani pamutu, tsikani ndi khosi mpaka paphewa, kuchoka paphewa mutsike ndi mwendo mpaka kuchiboda, chala osachichotsa pathupi. Chitani chimodzimodzi mbali inayo. Mwendo umene sukufikitsani pakhosi lomwelo ndi wa mnzake, ubwezeni mkati. Ngati wina akubwera chambuyo, wina chamutu, ndipo onse ali pafupi mofanana, kawirikawiri ndi bwino kuyamba ndi wachambuyoyo, chifukwa miyendo yake iwiri n'yosavuta kuitsata ndipo palibe mutu woti ubwerere.

Nthawi iliyonse imene mwathandiza kutulutsa mwana, sambaninso, mulowetse dzanja kukaona ngati mwatsala wina. Mbuzi yotopa imasiya kuchima mwana ali mkati.

Ndiyese kwa nthawi yaitali bwanji ndisanavomereze kuti zandikanika?

Mphindi 20 mpaka 30 pa ng'ombe, ndipo pa mbuzi zochepera apo chifukwa chiberekero chake n'chopyapyala. Mukapitirira, madzi amatha, njira imauma n'kutupa, chiberekero chimamukumbatira mwana, ndipo dokotala akafika amapeza ntchito yovuta kuposa imene inalipo poyamba. Musalolenso kuti aliyense wobwera kudzaonerera alowetseko dzanja lake. Poimba foni, nenani nthawi imene madzi anasweka, ngati ndi bere loyamba, nkhunzi yake inali ya mtundu wanji, chimene mwagwira mkati, ndiponso ngati mwana akusuntha. Mawu amenewo amamuthandiza kudziwa zida zoti anyamule.

Kodi si bwino kungobaya jakisoni wofulumizitsa, kapena kumwetsa mankhwala azitsamba?

Jakisoni wa okisitosini amafinyitsa chiberekero. Ngati mwana wakhala molakwika, kapena wakula, kapena khomo silinatseguke, chiberekero chimafinya chinthu chimene sichingadutse mpaka kuphulika. Asabayidwe popanda wodziwa amene walowetsa dzanja n'kutsimikiza kuti njira ili bwino. Kumwetsa chiweto chogona, chotopa, kuli ndi ngozi yakenso: madzi amalowa m'mapapo.

Pali ng'ombe zina zimene sizichima chifukwa cha kuchepa kwa kashiamu m'magazi, makamaka zamkaka wambiri zimene zaberekapo kangapo. Makutu amazizira, imadzandira kapena kulephera kudzuka, ndipo mukalowetsa dzanja mumapeza khomo lotseguka, mwana ali bwinobwino, koma palibe mphamvu yomukankha. Imeneyo ikufunika kashiamu wobayidwa ndi alangizi, pang'onopang'ono, chifukwa wothamangitsa amaimitsa mtima.

Mwana watuluka koma sakupuma bwino. Nditani?

Chotsani zamamina ndi zala, mumukhazike chogonera pachifuwa, miyendo yakutsogolo itapindidwa pansi, kuti mapapo onse awiri atseguke. Lowetsani kaudzu koyera m'mphuno kuti ayetsemule, mumupukute mwamphamvu pamsana ndi panthiti. Musamupachike chadodolido kwa nthawi yaitali. Madzi ambiri otuluka akatero amachokera m'mimba, ndipo matumbo amapanikiza mapapo. Ndi kuzizira kwa ku Mzuzu kwa Juni ndi Julaye, kapena mvula yamawawa ija, mwana wonyowa amazizidwa msanga, makamaka wa mbuzi pa khola la m'mwamba lolowa mphepo kunsi. Muumitseni, muyale udzu wouma, mumuike pamphuno pa mayi kuti amunyambite.

Viikani mchombo mu ayodini. Mkaka woyamba wachikasu uja aumwe pasanathe maola awiri, chifukwa matumbo ake amalandira chitetezo cha mumkakamo kwambiri m'maola oyambirira, ndipo pakatha tsiku amakhala atasiya kuchilandira. Thole la Friziyani limafunika malita 2 kapena 3 ulendo woyamba. Wotupa lilime amalephera kuyamwa, ndiye mkamireni, mumumwetse pang'onopang'ono mutu uli mokhazikika.

Nsengwa sinatuluke. Ndiikoke kapena ndimangirire mwala?

Zonse ziwiri ayi. Ng'ombe imataya nsengwa pasanathe maola 12, mbuzi kawirikawiri m'maola ochepa, ndipo kuyamwitsa kumathandiza. Pambuyo pa kubereka kovuta imachedwa kawirikawiri. Kuikoka kumaidula, zidutswa n'kutsalira mkati, komanso kumavulaza chiberekero. Ikalendewera mpaka kukwekwereka m'ndowe, dulani yakunjayo pamwamba pa mfundo za miyendo. Tsiku likatha isanatuluke, dziwitsani alangizi. Musadikire tsikulo ngati chiweto chasiya kudya, chatentha thupi, chikutulutsa magazi ofiira osalekeza, chikupitiriza kuchima mwamphamvu, kapena chalephera kudzuka patapita maola angapo. Chiberekero chenichenicho chikatuluka kunja, chofiira, chokhala ndi timibulu tozungulira, chiphimbeni ndi nsalu yoyera yonyowa, musachilole chiweto kuyenda, muimbe foni nthawi yomweyo. Nsengwa ikatuluka, ikwirireni mozama kuti agalu asaikoke kupita nayo kumakola a anzanu.